Chitini cha 4 koloko chimene chimakana kutuluka m'magazi

Mwezi wa Okutobala ku Chama munthu akalephera kugona, mlandu umagwera kutentha. Boma ili lili m'chigwa cha Luangwa, ndipo nyengo imeneyi malata amasunga moto mpaka pakati pa usiku, mphasa imatentha kumsana, udzudzu nawo uli pakhutu. Palibe angatsutse kuti zimenezi zimabalalitsa tulo. Koma mwezi womwewu ndi umene ana a Giredi 12 amakhala akuwerengera mayeso, anyamata a njinga zamoto akuthamangitsana ndi makasitomala mpaka mdima, ndipo m'mashopu a pa boma chakumwa chozizira chimene dzanja limathamangira ndi chitini kapena botolo la enaji. Wina amamwa 4 koloko madzulo kuti thupi litsitsimuke. Pofika 11 koloko usiku ali gada, maso ali gwa kudenga, akutukwana dzuwa limene linalowa kalekale. Chitini chija sachiganizira n'komwe, poti mphamvu yake anasiya kuimva nthawi ya chakudya chamadzulo.

Vuto lagona pomwepo. Chimene munthu amamva, kutseguka kwa maso ndi kupepuka kwa thupi kuja, chimatha pakapita maola awiri kapena atatu. Koma kafeini, mankhwala amene amachititsa zimenezi, amakhalabe m'magazi nthawi yaitali kuposa pamenepo, ndipo amagwirabe ntchito mwakachetechete mwini wake akuyesa kuti zinatha.

Kuti timvetse, tiyambe ndi mmene tulo timabwerera. Munthu akadzuka m'mawa, ubongo ukamagwira ntchito umatulutsa kanthu kotchedwa adenosini. Kameneka kamachulukirachulukira tsiku lonse, ndipo kali ndi malo ake pa maselo a ubongo pamene kamakakhala. Malowo akadzaza, ubongo umayamba kuzilala, zikope zimalemera, munthu amayasamula. Akagona, adenosini amachotsedwa, m'mawa n'kuyambiranso. Kafeini amafanana maonekedwe ndi adenosini, moti amakwana pa malo omwewo, koma iye akakhalapo sauza ubongo kuti upume. Zili ngati basi ya ku Lundazi imene mipando yake yakhalidwa ndi anthu osapita kulikonse: apaulendo enieni akungounjikana pakhomo, ndipo okhala pachabe aja akangotsika, gulu lonse limalowa nthawi imodzi. N'chifukwa chake munthu amene wakhala akudzikoka ndi enaji amadzagwa ndi kutopa koopsa mwadzidzidzi. Kafeini sanachotse kutopako. Anangotseka njira yoti ubongo ukumve.

Kulowa kwake m'thupi n'kwachangu. Pakatha mphindi 45 chimwereni, pafupifupi yense amakhala atalowa m'magazi, ndipo amafika pachimake pakati pa theka la ola ndi ola limodzi. Kutuluka ndiye kwa pang'onopang'ono. Ntchito yomuphwanya ili m'chiwindi, ndipo chiwindi sichichotsa muyezo wofanana ola lililonse ayi. Chimachotsa theka la amene alipo pa nthawi yoikika, kenako theka la wotsalayo pa nthawi ngati yomweyo, n'kumapita choncho. Kwa munthu wamkulu wathanzi nthawi imeneyi ndi pafupifupi maola asanu. Pali ena amene amatenga maola atatu okha, ena asanu ndi awiri kapena kuposa, koma asanu ndi poyambira pabwino powerengera. Ndiponso gawo lalikulu la kafeini chiwindi chimalisandutsa mankhwala ena otchedwa parakizantini, amene nawonso amatseka malo a adenosini aja. Ndiye kuti ngakhale kafeini amene "waphwanyidwa" sanatheretu ntchito.

Tsopano tiwerengere limodzi, ndipo tiyerekeze mnyamata wa Giredi 12 wolemera makilogalamu 55, amene akuwerengera mayeso kunyumba kwa azakhali ake pa boma. M'mawa 6 koloko wamwa kapu ya tiyi ndi chitumbuwa. Kapu wamba ya tiyi wakuda imakhala ndi kafeini wokwana mamiligalamu 40 mpaka 50, ndiye tinene 50. Masana, 4 koloko, mutu walemera ndi dzuwa, wagula chitini chachikulu cha enaji cha mamililita 500. Zakumwa zambiri zamtunduwu zimakhala ndi mamiligalamu 32 pa mamililita 100 alionse, choncho chitini chonsecho ndi mamiligalamu 160. Usiku 9 koloko, pofuna kumaliza mutu wina wa Bayoloje, wawonjezera kapu ina ya tiyi.

Pa 9 koloko imeneyo m'thupi mwake muli chiyani? Tiyi wa m'mawa watsala pang'ono chabe, mamiligalamu 6. Chitini chija chatha maola asanu, ndiye kwatsala theka, mamiligalamu 80. Kapu yatsopanoyi yabweretsa 50. Zonse pamodzi ndi 136. Akamazimitsa tochi 11 koloko, amakhala akadali ndi mamiligalamu pafupifupi 100, ofanana ndi munthu amene wangomwa makapu awiri a tiyi atakhala kale pa mphasa. Pa 2 koloko usiku, nthawi imene anayenera kukhala m'tulo tofa nato, atsala 68. Tambala akamalira ndipo iye akudzuka 6 koloko, adakali ndi pafupifupi 40, ndipo pamwamba pa amenewo akuthirapo kapu ya tsiku latsopano. Thupi lake silinakhalepo lopanda kafeini ngakhale ola limodzi.

Nambala ya 100 ija si yongotola. Bungwe loona za chitetezo cha chakudya ku Ulaya la EFSA, m'lipoti lake la 2015, linanena kuti mamiligalamu 100 omwedwa pafupi ndi nthawi yogona akhoza kuchedwetsa tulo ndi kutifupikitsa mwa anthu ena akuluakulu. Lipoti lomwelo linaika malire a mamiligalamu 400 pa tsiku kwa munthu wamkulu, 200 kwa mayi woyembekezera, ndipo kwa ana ndi achinyamata mamiligalamu atatu pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa mnyamata wathuyu malire ake ndi 165. Chitini chimodzi chija chatsala pang'ono kuwamaliza chokha, ndipo tsiku lonse wamwa 260.

Zinthu ziwiri zokha zitasintha, nkhani yonse isintha. Chitini chomwecho atamwa 11 koloko m'mawa, usiku n'kusiya tiyi uja, pogona 11 koloko akhala ndi mamiligalamu pafupifupi 35 m'malo mwa 100. Pa chitinicho ndalama waononga zomwezo, kukoma wamva komweko. Chasiyana ndi nthawi ndi kapu ya usiku ija basi.

Apa pamabuka mtsutso umene ndimaumva kawirikawiri kwa amalume ndi agogo: "Ife tiyi timamwa usiku uliwonse, koma tikangoika mutu pansi, basi tapita." Sakunama. Munthu wotopa kwambiri, amene waweramira m'munda wa mpunga tsiku lonse, adenosini wake amakhala wochuluka moti amagona ngakhale kafeini alipo. Koma kugona msanga ndi kugona bwino n'zosiyana. Tulo tili ndi magawo, ndipo gawo lozama kwambiri, limene munthu ngakhale umugwedeze amavuta kudzuka, limabwera makamaka m'maola oyambirira a usiku. Limeneli ndi limene limachotsa kutopa kwenikweni, ndipo ndi limenenso kafeini amalidya. Munthu amakhala pa mphasa maola asanu ndi awiri, osakumbuka kuti anadzukapo, koma m'mawa thupi lili lendee ngati sanagone.

Zimenezi zinayesedwa. Mu 1995, Hans-Peter Landolt ndi anzake a pa yunivesite ya Zurich ku Switzerland anapatsa amuna asanu ndi anayi mamiligalamu 200 a kafeini nthawi itangopitirira 7 koloko m'mawa, n'kuwagoneka 11 koloko usiku atawamata timawaya toyeza ubongo kumutu. Pa nthawiyo kafeini anali atatsika kwambiri, osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a mmene analili m'mawa. Komabe makina anaonetsa kuti mafunde a tulo tozama anachepa, ndipo anthuwo anagona nthawi yofupikirapo. Kafeini wa m'mawa, patadutsa maola 16.

Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa Christopher Drake ndi anzake a ku Detroit, m'dziko la America, wa mu 2013. Iwo anapatsa anthu 12 mamiligalamu 400 pa nthawi zitatu zosiyana: pogona penipeni, maola atatu asanagone, ndi maola asanu ndi limodzi asanagone. Anthuwo ankagona kunyumba kwawo atavala kachipangizo koyeza tulo. Ngakhale pamene anamwa kutatsala maola asanu ndi limodzi, kachipangizoko kanaonetsa kuti anataya tulo topitirira ola lathunthu. Chondichititsa chidwi n'chakuti pa ulendo umenewu eni akewo, polemba m'mabuku awo m'mawa, sanaone kusiyana kwenikweni. Ola linapita iwo osadziwa. Tisabise, anthu 12 ndi ochepa, ndipo mamiligalamu 400 nthawi imodzi ndi ambiri, ofanana ndi zitini zazikulu ziwiri ndi theka. Koma phunziro loti munthu si mboni yodalirika pa tulo take lomwe ndi lolimba.

Mu 2023 ofufuza a ku Australia, motsogozedwa ndi Carissa Gardiner, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 24 n'kupeza kuti, kuphatikiza onse, kafeini amadula tulo ndi mphindi 45 pa usiku. Anawerengeranso kuti kapu ya khofi ya mamiligalamu 107 iyenera kumwedwa kutatsala pafupifupi maola asanu ndi anayi kuti munthu agone, pamene muyezo wa mamiligalamu opitirira pang'ono 200 umafuna maola 13. Okonda tiyi apumeko pang'ono: pa kapu imodzi ya tiyi wakuda ya mamiligalamu 47, sanapeze nthawi yoti aletse.

Koma kapu imene ankanena iwo ndi ya mamililita 250, ya masamba oviikidwa mphindi zochepa. Tiyi wa kwathu kuno sapangidwa choncho. Masamba, kaya ndi a ku Kawambwa kaya ndi a ku Thyolo ndi Mulanje olowera m'malire, amathiridwa m'poto madzi akuwira, n'kusiyidwa pa mbaula mpaka tiyi atachita bii. Masamba akakhalitsa m'madzi otentha amatulutsa kafeini wawo pafupifupi yense. Kenako tiyiyo amathiridwa m'kapu yaikulu ya pulasitiki ija, imene ena imalowa pafupifupi theka la lita, ndipo mlendo akamaliza amamuwonjezera, poti kukana n'kupanda ulemu. Munthu wotere akamati wamwa kapu imodzi, m'chiwerengero cha ofufuza aja wamwa makapu awiri kapena atatu. Mkaka ndi shuga sizichepetsa kanthu. Zimangobisa kuwawa kumene kukanamuchenjeza.

Khofi ku Chama sali pa mbale ya aliyense ngati tiyi, ngakhale amalimidwa osati kutali kwenikweni, ku Kasama ndiponso kutsidya kwa malire m'mapiri a kumpoto kwa Malawi. Amene amapezeka m'mashopu ndi waufa wosungunula, ndipo apa pali kusiyana. Khofi weniweni waufa amapereka mamiligalamu 60 mpaka 80 pa kapu, malinga ndi kudzaza kwa supuni. Wosakaniza ndi chikole, monga Ricoffy, ali ndi wocheperapo chifukwa chikole alibe kafeini. Botolo la Coca-Cola la mamililita 330 lili ndi mamiligalamu ongopitirira 30. Ndipo pali gwero lina limene anthu saliwerengera: mapiritsi a mutu. Piritsi limodzi la Panadol Extra lili ndi mamiligalamu 65, ndiye awiri amene munthu amameza asanagone ndi 130, kuposa chitini chaching'ono cha Red Bull chimene chili ndi 80. Cafemol nayenso ali ndi kafeini. Mutu ukawawa usiku, panado wamba wopanda chowonjezera ndiye woyenera.

Pa zitini za enaji, chofunika ndi kuwerenga timalemba ta kumbuyo, ndipo pali msampha. Nambala imene imalembedwa nthawi zambiri ndi ya mamililita 100 okha, mwachitsanzo 32 mg/100 ml. Woiona amati n'zochepa. Ayenera kuichulukitsa ndi kukula kwa chitinicho: kasanu ngati ndi cha 500, kawiri ndi theka ngati ndi cha 250. Mitundu imasiyana, ina ili ndi wocheperapo, ndiye palibe chidule china koma kuwerenga.

Maola asanu aja, monga ndanena, si a aliyense, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu moti anthu awiri omwera poto imodzi akhoza kukhala ndi usiku wosiyana kotheratu. M'chiwindi, ntchito yophwanya kafeini imagwiridwa makamaka ndi enzaimu yotchedwa CYP1A2, ndipo liwiro lake limatengera mtundu wa munthu komanso zimene akumwa. Utsi wa fodya umaifulumizitsa, moti wosuta amachotsa theka pa maola atatu kapena kucheperapo. Bambo wosuta akamwa chitini 4 koloko, pofika 10 koloko usiku watsala ndi mamiligalamu 40 okha, n'chifukwa chake amaseka akamva kuti enaji amalanda tulo. Tsiku limene adzasiye fodya, chiwindi chidzabwerera pa liwiro lake, ndipo tiyi yemweyo amene anazolowera adzayamba kumunjenjemeretsa ndi kumusowetsa tulo. Ambiri amaganiza kuti ndi chibaba cha fodya chokha, osadziwa kuti wofunikanso kuchepetsa ndi tiyi.

Kwa amayi zimapita mbali inayo. Mapiritsi olera okhala ndi esitirojeni amachedwetsa ntchitoyi pafupifupi kawiri, kufika maola khumi. Mayi wotere akagawana zitini ndi mwamuna wake wosuta uja 4 koloko, iye pa 2 koloko usiku adakali ndi mamiligalamu 80. Pathupi ndiye zimanyanya: m'miyezi itatu yomaliza, theka limatenga mpaka maola 15, kutanthauza kuti tiyi wa dzulo amakumana ndi wa lero. Kafeini amadutsanso kupita kwa mwana ali m'mimba, ndipo pang'ono amalowa mu mkaka wa m'mawere. Khanda longobadwa kumene chiwindi chake sichinakhwime, moti limatenga masiku angapo kuti lichotse theka. Mwana wa milungu iwiri amene akungolira usiku osagona, pakati pa zina zofunika kufunsa ndi makapu angati a tiyi amene mayi ake akumwa, makamaka poti ambiri amalimbikitsidwa kumwa tiyi wambiri kuti mkaka utuluke.

Palinso mankhwala a kuchipatala. Sipurofulokisasini, amene amaperekedwa pa matenda a m'chikhodzodzo, taifodi ndi kutsegula m'mimba kwina, amagwira enzaimu ija n'kuichedwetsa. Wodwala amene akumwa mapiritsi amenewa n'kumapitiriza tiyi ndi enaji monga mwa masiku onse akhoza kudabwa mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera, tulo osabwera. Sayenera kusiya mankhwalawo pakati. Achepetse kafeini mpaka atamaliza, ndipo auze adokotala kapena anamwino zimene akumva. Amene ali ndi matenda a chiwindi nawonso amasunga kafeini nthawi yaitali kwambiri.

Sindikunena kuti kafeini ndi mdani. Ku Chama kuli anthu amene kugona usiku n'kutaya chakudya cha chaka chonse. Mpunga ukacha m'madera a mafumu monga Chikwa, Chifunda ndi Tembwe, alimi amachezera m'misasa kupirikitsa njovu. Kuli alonda, anamwino a usiku, madalaivala onyamuka mbandakucha pa msewu wa ku Lundazi kapena wa ku Matumbo. Kwa amenewa kafeini ndi chida, ndipo masamu omwe aja amawathandiza. Wochezera usiku amwe kumayambiriro kwa ulonda, cha m'ma 8 kapena 9 koloko, ndipo pang'onopang'ono osati chitini chonse kamodzi. Chimene chimapweteka ndi kapu ya 3 kapena 4 koloko m'mawa, nthawi imene tulo timavuta zedi, chifukwa imeneyo ndi imene idzamukanize kugona akabwerera kunyumba 7 koloko, dzuwa litatuluka kale, ndipo usiku wotsatira adzayamba ulonda ali wotopa kuposa dzulo. Kwa dalaivala amene maso ayamba kutsekeka, chitini chachiwiri sichilowa m'malo mwa kuima pambali n'kugona mphindi 20.

Wophunzira uja ndiye amaluza kawiri. Zimene wawerenga madzulo zimakhazikika m'mutu nthawi ya tulo, makamaka tozama tija, ndiye ola limene wapambana ndi enaji amalilipira ndi kuiwala zina mwa zimene anawerengazo. M'mawa amadzuka wolemera, masana amafuna chitini china kuti akoke, ndipo poti ubongo ukazolowera kafeini wa tsiku ndi tsiku umasiya kumumva monga poyamba, chitini chimodzi chimasanduka ziwiri.

Munthu angadziwe bwanji kuti vuto lake ndi kafeini osati kutentha kapena nkhawa? Zizindikiro zilipo: kutenga nthawi yoposa theka la ola uli chigonere thupi litatopa koma mutu uli mbee, kudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, kupita kukataya madzi kawirikawiri usiku, ndi kudzuka wosapuma ngakhale maola anakwana. Koma umboni weniweni ndi kudziyesa. Werengerani maola asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi kubwerera m'mbuyo kuchokera nthawi imene mumagona. Wogona 9 koloko usiku, malire ake ndi 12 kapena 1 koloko masana. Kwa milungu iwiri, musamwe chilichonse cha kafeini kupitirira nthawi imeneyo, zina zonse zikhale monga kale. Madzulo pakafunika chotentha, tiyi wa rooibos alibe kafeini, chimodzimodzi wa udzu wa mandimu kapena wa chidede, ndipo wofuna chozizira ali ndi munkoyo, thobwa kapena madzi a m'mtsuko.

Amene amamwa wambiri asadule kamodzin'kamodzi. Roland Griffiths ndi Laura Juliano, atasanthula kafukufuku wa zaka zambiri mu 2004, anapeza kuti wosiya mwadzidzidzi amayamba kumva mutu pakatha maola 12 mpaka 24, umafika poipa tsiku loyamba kapena lachiwiri, ndipo ukhoza kutenga masiku awiri mpaka asanu ndi anayi. Pamodzi ndi mutuwo pamabwera kufooka, kukwiya msanga, nthawi zina nseru ndi kuphwanya m'thupi. M'dera la malungo ngati Chama zimenezi zimasokoneza, ndipo lamulo likhale loti thupi likatentha, kapena zizindikiro zikapitirira, munthu akayezetse magazi osangoganizira tiyi. Njira yofatsa ndi kuchotsa kapu imodzi kapena theka la chitini masiku atatu kapena anayi alionse, kuyambira ndi chakumwa chomaliza cha tsikulo, n'kumabwerera chakum'mawa. Milungu iwiri ikatha tulo tisanasinthe, ndiye kuti gwero lili kwina, ndipo zinthu monga kuliza mkonono mpaka kubanika, kupweteka kwa m'thupi kosatha kapena maganizo olemera n'zofunika kukazifotokoza kuchipatala.